Malungo akachepa papepala mvula ili mkati

Chipatala chaching'ono chikalemba kuti odwala malungo achepa ndi theka m'sabata imodzi, pamene uli mwezi wa Febuluwale ndipo madambo adzaza madzi, munthu wodziwa ntchito ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma sasangalala. Amatenga foni n'kuimbira mkulu wa pachipatalapo kuti amve chimene chatha. Malungo satsika chotero m'dzinja. Nambala ikagwa mwadzidzidzi, kawirikawiri chimene chasowa ndi zipangizo zoyezera magazi, mankhwala, kapena munthu wolemba, pamene udzudzu ukadali pomwepo.

Nambala imeneyi imachokera m'lipoti limene chipatala chimatumiza sabata iliyonse ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, imene ambiri timangoti ku DHO. Ndi lipoti lalifupi, koma kuliwerenga bwino kumafuna luso, chifukwa nambala imodzi yomweyo itha kutanthauza zinthu zotsutsana malinga ndi manambala amene ayandikana nayo.

Lipotili ndi mbali ya ndondomeko yolondolozera matenda yotchedwa IDSR, imene bungwe la WHO linakhazikitsa m'chigawo cha Afirika mu 1998 ndipo Malawi inayamba kuitsatira mu 2002. Sabata yake imayamba Lolemba n'kutha Lamulungu, ndipo masabata amapatsidwa manambala kuyambira kumayambiriro kwa Januwale mpaka chaka kutha. N'chifukwa chake azaumoyo mumawamva akuti "sabata 7" kapena "sabata 32" m'malo motchula deti. Lolemba likafika, chipatala chimaphatikiza za masiku asanu ndi awiri apitawo n'kutumiza. Ku DHO manambalawo amasonkhanitsidwa pakompyuta, pa DHIS2, ndipo amaonekera mpaka ku Lilongwe, ku nthambi yolimbana ndi malungo komanso ku PHIM, bungwe la Unduna wa Zaumoyo lolondoloza miliri. Palinso lipoti la malungo la pamwezi, lomwe limakhala ndi zambiri kuposa ili. Koma nkhani ya kumayambiriro kwa mwezi ikamadikira lipoti la pamwezi, imakafika ku DHO patadutsa masabata asanu kapena kuposerapo, ndipo kwa mwana wa zaka ziwiri amene watentha thupi, masiku awiri okha ndi ambiri kale.

Kumene manambala amabadwira

Mayi akafika ndi mwana wotentha thupi, dzina la mwanayo limalembedwa m'kaundula wa odwala oyendera: zaka zake, mudzi wake, chimene akudandaula. Dokotala, yemwe pachipatala chaching'ono nthawi zambiri amakhala mmodzi yekha, amamutumiza kukayezetsa. Woyeza amabaya chala, n'kudontheza magazi pakachipangizo ka pulasitiki kotchedwa mRDT, amathirapo timadzi take, n'kudikira mphindi 15 kapena 20 malinga ndi mtundu wa kachipangizoko. Mizere iwiri ikaoneka, malungo alipo. Mzere umodzi wa pachilembo C wokha, palibe. Mzere wa pa C ukapanda kuoneka, kachipangizoko sikanagwire ntchito ndipo ayenera kuyezanso. Zotsatira zimalembedwa m'kabuku ka mwanayo ndi m'kaundula wa woyeza. Akapezeka nawo, mayi amapita pawindo la mankhwala kukalandira LA, ndipo kumenekonso kumalembedwa.

Choncho mwana mmodzi wasiya mapazi m'mabuku atatu: wa dokotala, wa woyeza magazi, ndi wa mankhwala. Lipoti la Lolemba limatuluka m'mabuku amenewa, ndipo wolilemba, kaya ndi kalaliki wa manambala kaya ndi mlangizi wa zaumoyo amene anapatsidwa ntchitoyo, amawerenga mzere ndi mzere, akulekanitsa ana osakwana zaka zisanu ndi anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo. Ana amawerengedwa paokha chifukwa ndiwo alibe chitetezo chokwanira m'thupi, ndipo ndiwo malungo amawapha msanga.

Fomu ya sabata imafunsa zochepa, makamaka odwala angati ndi omwalira angati. Koma chidule chothandiza woyang'anira malungo m'boma chimayenera kunyamula zinthu zinayi: anayezedwa angati, anapezeka nawo angati, analandira LA angati, ndipo m'chipinda cha mankhwala mwatsala zingati. Kuyeza aliyense asanalandire mankhwala sikunayambe kale kwenikweni. LA anakhala mankhwala oyamba a malungo kuno mu 2007, kulowa m'malo mwa fansida, ndipo mRDT inafalikira m'zipatala mu 2011. Isanafike nthawi imeneyo, pachipatala chopanda maikulosikopu pafupifupi aliyense wotentha thupi ankalembedwa malungo. Manambala a zaka zimenezo sungawaike pambali pa a lero ngati kuti akunena chinthu chimodzi.

Masabata atatu pachipatala chimodzi

Tiyerekeze chipatala china cha kumudzi, ndipo manambala otsatirawa ndi ongopangira chitsanzo. Mu sabata 6, anthu 320 anayezedwa ndipo 128 anapezeka ndi malungo. Tikagawa 128 ndi 320 timapeza kuti mwa anthu 100 alionse oyezedwa, 40 anali nawo. Pawindo la mankhwala, anthu 130 analandira LA. Kusiyana kwa anthu awiri sikudabwitsa. Mwina ndi odwala amene anasanza mankhwala atangomwa n'kupatsidwa ena. Mabuku atatu akugwirizana, ndipo lipoti lotere ungalikhulupirire.

Mu sabata 7 lipoti likuti opezeka ndi malungo ndi 66. Wongoyang'ana nambala imeneyi anganene kuti zinthu zayenda bwino, masikito agwira ntchito. Koma taonani ina. Oyezedwa ndi 150 okha, ndipo 66 mwa 150 ndi 44 pa 100 alionse, kutanthauza kuti pakati pa amene anayezedwa malungo sanachepe, anakwerako pang'ono. Ndiye pawindo la mankhwala anthu 190 analandira LA. Anthu 124 anamwa mankhwala a malungo popanda umboni wa magazi. Woyang'anira malungo ku DHO akaona manambala atatuwa pamodzi, amadziwa kale nkhani asanaimbe foni: tizipangizo toyezera tinatha pakati pa sabata, mwina Lachitatu, ndipo kuyambira pamenepo dokotala ankangoyang'ana zizindikiro n'kulemba mankhwala.

Dokotalayo sindingamudzudzule. Mwana wotentha thupi m'dzinja, chipatala chachikulu chili kutali, sungamubweze kunyumba chimanjamanja chifukwa choti bokosi la mRDT latha. Vuto limabwera pa kalembedwe. Anthu 124 aja akaikidwa pamodzi ndi otsimikizika, lipoti linena kuti malungo akwera kufika 190, pamene ena mwa iwo anali ndi chibayo, zilonda zakukhosi kapena chimfine chabe. Akasiyidwa osalembedwa, lipoti linena kuti malungo atsika kufika 66. Manambala onse awiri ndi abodza. Cholondola n'kulemba otsimikizika paokha, ongoganiziridwa paokha, n'kuwonjezera mawu ochepa akuti zoyezera zinatha tsiku lakuti. Mawu ochepa amenewo ndi amene amachititsa kuti galimoto yopita mbali imeneyo inyamule mabokosi angapo otengedwa ku chipatala china chimene chili nawo ambiri. Bokosi limodzi nthawi zambiri limakhala ndi tizipangizo 25, choncho chipatala choyeza anthu 320 pasabata chimamaliza mabokosi pafupifupi 13. Mkulu wa pachipatala amene waona kuti Lolemba kwatsala mabokosi asanu safunika kulosera kuti adziwe zimene zichitike Lachitatu.

Kuwerenga LA nakonso kuli ndi msampha wake. Mankhwalawa amabwera m'mapaketi anayi malinga ndi kulemera kwa wodwala: la mapiritsi 6 la mwana wochepera makilogalamu 15, la mapiritsi 12 la wa makilogalamu 15 mpaka 24, la mapiritsi 18 la wa 25 mpaka 34, ndi la mapiritsi 24 la wamkulu. Mapaketi a akuluakulu akatha, wopereka mankhwala amatenga timapaketi tinayi ta ana n'kupatsa munthu mmodzi, chifukwa piritsi lake ndi la mphamvu yofanana. Mwinanso a ana ndi amene atha, ndiye amadula paketi ya wamkulu kugawira ana anayi. Wodwala wathandizidwa bwinobwino, koma kalaliki akawerenga mapaketi m'malo mwa anthu, munthu mmodzi asanduka anayi, kapena ana anayi asanduka mmodzi. Lipoti likaonetsa LA wochuluka kuposa odwala, munthu asanayambe kuganiza za kuba mankhwala, ayambe wafunsa ngati panalibe paketi imene inatha. Kubako kumachitika ndithu, ndipo kuyerekeza mabukuwa ndi njira imodzi yokugwirira, koma si kusiyana kulikonse kumene kuli kuba.

Tsopano sabata 8. Zoyezera zafika. Oyezedwa ndi 340, opezeka nawo ndi 204, kutanthauza 60 pa 100 alionse. Apa nkhani yasintha. Oyezedwa ndi pafupifupi ofanana ndi a sabata 6, koma opezeka nawo achoka pa 128 kufika pa 204. Anthu akanakhala kuti angochuluka pachipatala, mwina chifukwa chipatala choyandikana chilibe mankhwala kapena mlatho wopita kumeneko wakokoloka, oyezedwa akanakwera kwambiri koma gawo la opezeka nawo likanakhala cha pa 40 pomwepo. Gawolo likakwera chonchi, ndiye kuti pakati pa anthu otentha thupi m'deralo malungo achulukadi.

Koma kodi 204 ndi mliri, kapena ndi Febuluwale chabe? Yankho silipezeka poyerekeza ndi sabata yatha. Limapezeka poyerekeza ndi sabata yomweyi ya zaka zam'mbuyo pachipatala chomwechi. Njira imodzi yosavuta imene WHO imalimbikitsa ndi iyi: tengani manambala a sabata 8 a zaka zisanu zapitazo, muwandandalike kuyambira yaing'ono. Tinene kuti ndi 95, 110, 120, 140 ndi 180. Nambala yachiwiri kuchokera pamwamba, 140, ndiye malire. Chaka chino chikapyola pamenepo, ndi chenjezo loti pafufuzidwe. Chifukwa chosatengera 180 n'choti chaka chimenecho mwina chinali choipa kale, ndipo malire akakhala pa chaka choipitsitsa, belu lingamalire mochedwa. Pali njira zina zofuna masamu ochulukirapo, koma iyi munthu atha kuijambula papepala lalikulu n'kulimata pakhoma, n'kumangoikapo kadontho Lolemba lililonse. Pa chitsanzo chathu, 204 yapyola 140 patali.

Njirayi ili ndi malire akenso. Imafuna kuti manambala a zaka zisanuzo akhale odalirika, ndipo ngati m'chaka china sabata 8 inali ngati sabata 7 ya chitsanzo chathu, zoyezera zitatha, malirewo atsika mopanda chifukwa. Kuderako kukatsegulidwa chipatala chatsopano, kapena anthu akachuluka, zakale sizifanananso ndi zalero. Komanso m'madera ambiri a Malawi, makamaka m'mphepete mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire, malungo amakhalapo chaka chonse, ndipo kukwera kwa m'dzinja n'koyembekezereka. Kumeneko lipoti la sabata limathandiza kwambiri pa kuonetsetsa kuti mankhwala asathe. Malo amene kukwera kwadzidzidzi kumaopsa kwambiri ndi okwera ndi ozizira, kumene malungo ndi ochepa ndipo ngakhale akuluakulu alibe chitetezo chokwanira, komanso kumene anthu asamuka m'nyumba zawo n'kumagona m'misasa opanda masikito, monga zinachitikira m'maboma a kummwera namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023.

Chenjezo likaoneka, ntchito yoyamba n'kubwerera m'kaundula kukayang'ana danga la mudzi. Anthu 204 aja akakhala kuti amwazikana m'midzi yonse, nkhani ndi ya nyengo. Koma theka lawo likachokera m'midzi itatu yoyandikana, alangizi a zaumoyo amapita kumeneko kukaona: mwina pali maenje oumbira njerwa amene adzaza madzi, mwina munda wa mpunga watsopano, mwina midziyo sinalandire masikito pa kugawa kwapita. Pofufuza ayenera kuyang'ana m'mbuyo ndithu, osati mvula ya dzulo. Udzudzu umatenga sabata imodzi kapena iwiri kuchoka pa dzira kufika pouluka. Ukaluma munthu wodwala, tizilomboto timafuna masiku 10 kapena kuposerapo m'thupi mwake kuti tikhwime, ndipo munthu wolumidwa amayamba kudwala patapita sabata ina kapena iwiri. Odwala a sabata 8 ndi zotsatira za madzi amene anaima cha kumayambiriro kapena pakati pa Januwale.

Munthu mmodzi, mizere iwiri

Pali njira zingapo zimene munthu mmodzi amawerengedwera kawiri. Alangizi a zaumoyo amene ali ndi makiliniki a m'midzi, kumadera ovuta kufikako, amayeza ndi kupereka LA kwa ana osakwana zaka zisanu, ndipo ali ndi kaundula wawo. Mwana akaoneka kuti wadwalika, akukomoka, akukana kuyamwa kapena akusanza chilichonse, mlangizi amamutumiza kuchipatala, komwe amalembedwanso. Manambala a kumudzi akaphatikizidwa ndi a pachipatala popanda kusamala, mwanayo akhala awiri. Akapanda kuphatikizidwa n'komwe, ana onse amene anathandizidwira kumudzi asowa. Ndipo chipatala chikayamba kuwaphatikiza pakati pa chaka, chiwerengero chimadumpha ngati mliri pamene chasintha ndi kawerengedwe.

Njira ina ndi ya kachipangizo komwe. Mitundu yambiri ya mRDT sifufuza kachilombo kamoyo. Imafufuza chinthu china chimene kachilombo ka Plasmodium falciparum kamasiya m'magazi, ndipo chinthucho chimatha kukhalabe m'thupi masabata angapo munthu atachira. Mwana amene anamwa LA masiku khumi apitawo, lero n'kutentha thupi chifukwa cha khutu, akayezedwa atha kuonetsabe mizere iwiri. Akalembedwa ngati wodwala watsopano, lipoti lanenepa, ndipo choopsa kwambiri n'choti khutulo silinayang'anidwe. N'chifukwa chake dokotala amatsegula masamba am'mbuyo m'kabuku ka kuchipatala, ndipo wobwereranso chotere amafunika maikulosikopu ngati ilipo. Mayi amene waiwala kabuku kunyumba n'kugula katsopano pageti sadziwa kuti wafufuta mbiri imeneyi.

Zipatala za m'malire, monga ku Mwanza, Dedza, Mulanje ndi Mchinji, zimathandizanso anthu ochokera ku Mozambique ndi Zambia. Odwalawo ndi enieni, mankhwala amene amwa ndi enieni, ndipo ayenera kuwerengedwa kuti chipatala chilandire zokwanira. Koma ena amatchula mudzi wa m'bale wawo wa mbali ino poopa kubwezedwa, ndiye mudziwo umaoneka papepala ngati chisa cha malungo.

Danga la omwalira ndi limene limanyenga kwambiri. Chipatala chaching'ono chikalandira wodwala malungo aakulu, chimamubaya jekeseni woyamba wa atesuneti n'kumutumiza ku chipatala cha boma. Akamwalira kumeneko, amalembedwa kumeneko. Akamwalira panjira, pakabaza kapena pangolo, kapena kunyumba asananyamuke, nthawi zambiri salowa m'lipoti la chipatala chilichonse. Choncho chipatala chitha kulemba 0 pa omwalira kwa miyezi, pamene m'midzi yozungulira zovuta zachitika. Nambala yothandiza kuyang'ana pamenepa ndi ya otumizidwa: akachoka pa awiri pasabata kufika pa asanu ndi atatu, ndiye kuti anthu akufika mochedwa kapena matenda akula.

Ndiye pali kusiyana kwa 0 ndi danga lopanda kanthu. Kulemba 0 n'kunena kuti tayang'ana ndipo sitinapeze. Kusiya danga n'kusanena chilichonse. Lamulo la IDSR ndi loti lipoti lipite ngakhale palibe wodwala aliyense, chifukwa ku DHO sangasiyanitse chipatala chimene chili pamtendere ndi chimene kalaliki wake wapita kumaliro. Boma la zipatala 20 likalandira malipoti 14, chiwerengero chonse cha boma chitsika, ndipo ngati zisanu ndi chimodzi zosowazo ndi za kunyanja, chitsika kwambiri. Pa chifukwa chimenechi boma lililonse limayezedwa pa zinthu ziwiri: malipoti angati afika, ndipo angati afika pa nthawi yake. Mulingo wovomerezeka ndi wosachepera 80 pa 100 alionse, ndipo zipatala za mishoni za CHAM ndi zina zomwe si zaboma zimayeneranso kutumiza. Malipoti 14 mwa 20 ndi 70 pa 100, ndipo manambala a boma a sabata yoteroyo sungaimirepo.

Zochedwetsa n'zodziwika. Lolemba ndi tsiku limene mzere wa odwala umatalika kwambiri, chifukwa onse amene anapirira Loweruka ndi Lamulungu amabwera limodzi, ndipo kaundula amene kalaliki akufuna kuwerenga ndi yemweyo amene dokotala akulembamo. Odwala obwera usiku ndi kumathero a sabata nthawi zina amalembedwa m'kope lapadera la namwino wogwira usiku, ndipo kopelo limaiwalika. Netiweki kumadera ena imapezeka pachulu chimodzi chokha, ndipo bandulo nthawi zambiri imatuluka m'thumba la wantchito. Ena amangojambula fomu n'kuitumiza pa WhatsApp, kumene 1 ndi 7 olembedwa mothamanga amafanana. Zipatala zimene zimakwanitsa nthawi zonse n'zimene zimaphatikiza manambala madzulo alionse patsamba lapadera, kotero kuti Lolemba ntchito imangokhala kuwonkhetsa mizere isanu ndi iwiri.

Wina akayesa kuwonkhetsa malipoti anayi a sabata kuti afanane ndi la pamwezi, asadabwe akasiyana. Sabata imatha kuyamba mu Januwale n'kuthera mu Febuluwale, ndipo mwezi suli masabata anayi enieni. Kusiyana kochepa n'kwachibadwa. Kukakhala kwa anthu mazanamazana, ndiye kuti buku lina silikuwerengedwa pa lipoti limodzi mwa awiriwa.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa olemba malipotiwa ndi loti manambala amangokwera, satsika. Munthu amatumiza Lolemba lililonse, ndipo foni imalira pokhapokha akachedwa. Zikatero lipoti limasanduka msonkho, ndipo wotopa amayamba kukopera za sabata yatha n'kusinthako pang'ono. Zimenezinso zimadziwika: manambala othera pa 0 ndi 5 okhaokha, gawo la opezeka ndi malungo losasuntha kuyambira Febuluwale mpaka Ogasiti, kapena opezeka nawo ochuluka kuposa oyezedwa. Oyendera zipatala ochokera ku DHO akafika, amasankha sabata imodzi, n'kutsegula kaundula, n'kuwerenganso okha mzere ndi mzere kuti aone ngati apeze 128 yemwe uja. Kenaka amapita kuchipinda cha mankhwala ndi khadi la katundu m'manja, kukawerenga mabokosi a mRDT ndi mapaketi a LA amene ali pashelefu.